Musanasefe phokoso, liyang'aneni kaye: momwe tingawerengere sipekitirogalamu

Mawu ojambulidwa akamamveka osayera, ambiri timathamangira batani lochotsa phokoso n'kulisiya lichite zomwe lingathe. Phokoso limachepa ndithu, koma wolankhulayo amatsala akumveka ngati ali pansi pa madzi, ndipo kaphokoso kamene kamativuta kaja nthawi zina kamakhala kakadalipo. Chifukwa chake n'chakuti maphokoso sali amtundu umodzi. Kung'ung'uza kwa magetsi kwa "huuu", kulira kwa "dzzz" ndi kamluzu kosongoka ka "tswiii" chilichonse chili ndi mankhwala akeake, ndipo khutu palokha silitha kukuuzani manambala amene sefa imafuna. Manambalawo mumawapeza pa sipekitirogalamu, chithunzi chimene chimayala mawu kuti muwaone ndi maso. Ndigwiritsa ntchito Audacity chifukwa ndi yaulere, koma mapulogalamu ena okonzera mawu ali ndi zosintha zomwezi, mayina okha ndi amene amasiyana pang'ono.

Chithunzichi chili ndi zinthu zitatu basi. Kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi nthawi. Kuchokera pansi kukwera m'mwamba ndi firikwensi, kutanthauza kuti mawuwo akunjenjemera kangati pa sekondi imodzi, ndipo imayezedwa mu Hz. Besi imakhala pansi, mawu osongoka amakhala pamwamba. Chachitatu ndi kuwala: pamene pawala kwambiri pali mphamvu yambiri, pamene pada palibe kanthu. Zikatero, phokoso limene silisintha kamvekedwe limajambula mzere wowongoka wopingasa, ndipo mizere yopingasayi ndi imene tikusaka.

Choyamba: pezani pamene palibe akulankhula

Gwirani ntchito pa kope la fayilo, lenilenilo lisungeni osalikhudza. Ngati muli ndi WAV ndi MP3 ya chojambulidwa chomwecho, tsegulani WAV. MP3 imataya tizidutswa ta mawu pofuna kuchepetsa fayilo, ndipo ya 128 kbps nthawi zambiri imadula zonse za pamwamba pa 16000 Hz. Mukaona denga lakuda lowongoka cha pamenepo, dziwani kuti ndi kapangidwe ka fayilo, si vuto loti mukonze.

Pa menyu ya thiraki sankhani `Spectrogram`. Kenako fufuzani malo amene munthu wapuma, masekondi awiri kapena atatu opanda mawu, opanda kupuma kwaphokoso kapena kukhosomola. Kumayambiriro anthu asanayambe kulankhula ndi kumene kumakhala bwino. Koma musakhutire ndi malo amodzi. Onaninso pakati ndi kumapeto, chifukwa furiji imayaka n'kuzima yokha, ndipo wina akhoza kulumikiza chaja zojambula zili mkati. Ngati fayilo ndi ya sitiriyo, yang'anani mbali iliyonse payokha. Kung'ung'uza kukakhala mbali imodzi yokha, kawirikawiri vuto ndi chingwe kapena maikolofoni ya mbali imeneyo, ndipo n'kutheka kuti mbali inayo ndi yoyera moti ingakukwanireni popanda kusefa chilichonse.

Chachiwiri: konzani chithunzi kuti chionetse zobisika

Apa ndi pamene anthu ambiri amalephera, n'kunena kuti "palibe chikuoneka". Chithunzi chimene pulogalamu imakupatsani poyamba chinakonzedwa kuti chionetse mawu a munthu, osati kaphokoso kofooka ka pansi penipeni. Tsegulani `Spectrogram Settings` ndipo musinthe zinthu zitatu. Musaope, zosintha izi zimangokhudza kaonekedwe, mawu enieniwo sakhudzidwa.

Chofunika kuposa zonse ndi `Window size`. Kuti pulogalamu idziwe mafirikwensi amene alipo, imatenga kachidutswa ka mawu n'kukayeza, kenako kachidutswa kotsatira, choncho mpaka kumapeto. Utali wa kachidutswako ndiwo `Window size`, kapena kuti zenera, ndipo kakakhala kakatali, kamasiyanitsa bwino mafirikwensi oyandikana. Masamu ake ndi osavuta: tengani nambala ya zitsanzo pa sekondi ya fayilo yanu, muigawe ndi `Window size`. Fayilo ya 48000 Hz ndi zenera la 2048 zimapereka pafupifupi 23 Hz pa kachigawo kalikonse. Kusiyana kwa 50 Hz ndi 60 Hz ndi 10 Hz yokha, ndiye pa zenera limeneli zonse ziwiri zimangooneka ngati chibanga chimodzi pansi pa chithunzi. Mukakweza kufika pa 16384, kachigawo kamakhala pafupifupi 3 Hz, ndipo chibanga chija chimasanduka mzere wowonda umene mungauwerenge.

Pali mtengo wake. Zenera la 16384 limatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, choncho zinthu zachangu zimapakika: mawu a munthu amaoneka osakanikirana, ndipo kugunda kwa "thi" sikuonekanso pamene kunachitikira. N'chifukwa chake palibe zenera limodzi loyenera zonse. Ine ndimayang'ana kawiri, zenera lalikulu pofuna mizere yopingasa, zenera laling'ono ngati 512 kapena 1024 pofuna zinthu zoduka msanga.

Chachiwiri ndi dera limene mukuyang'ana. Ikani `Scale` pa `Linear`, `Min Frequency` pa 0 ndi `Max Frequency` pa 1000. Ena amakonda `Logarithmic` chifukwa imafanana ndi momwe khutu limamvera, ndipo ndi yabwino poona chithunzi chonse. Koma pa `Linear`, mizere yotalikirana mofanana imaonekadi yotalikirana mofanana, ndipo mpata umenewo ndiwo umboni umene tikuufuna.

Chachitatu ndi `Gain`, imene imawalitsa chithunzi ndipo imayezedwa mu dB, muyeso wa mphamvu ya mawu. Ngati malo opanda mawu akuoneka akuda bii, kwezani `Gain` pang'onopang'ono, mwina kufika pa 40 dB, mpaka mdimawo uyambe kuoneka ngati nkhungu yopyapyala. Nkhungu imeneyo ndi phokoso la "shiii" limene chojambulidwa chilichonse chimakhala nalo. Ikangoyamba kuoneka, lekani kukweza. Chilichonse chowala kuposa nkhunguyo tsopano chili poyera.

Chachitatu: werengani mipata ya mizere

Magetsi a m'nyumba amanjenjemera maulendo 50 pa sekondi ku Africa, ku Ulaya ndi mbali yaikulu ya Asia, ndipo maulendo 60 ku North America ndi mbali zina za South America. Akalowerera mu chojambulidwa, amasiya mzere pa 50 Hz kapena 60 Hz, kutengera kumene chinajambulidwa, osati kumene inu mukuchikonzera. Mzerewo kawirikawiri subwera wokha. Pamwamba pake pamakhala ina pa 100, 150, 200, 250, yosanjikizana ngati makwerero. Mukaona makwerero amenewa, funsani mafunso awiri: mpata wake ndi wotani, ndipo akukwera kufika pati?

Makwerero akakhala aafupi, mizere itatu kapena isanu imene ikuzirala ikamakwera, kumeneko ndi kung'ung'uza kwa "huuu". Nthawi zambiri kumabwera pamene zipangizo ziwiri zolumikizana ndi chingwe cha mawu zili m'masoketi osiyana, kapena chingwe cha maikolofoni chagona pafupi ndi thiransifoma. Mzere wa 100 Hz ukakhala wamphamvu kuposa wa 50, kayikirani gawo la chipangizo limene limawongola magetsi, kapena thiransifoma imene ikulira m'chipindamo n'kumveka pa maikolofoni. Kumene magetsi ali a 60, nambala yake ndi 120.

Makwerero akakwera osaleka mpaka 3000 Hz kapena kupitirira, kumeneko ndi kulira kwa "dzzz". Mpata wake ndi womwewo wa 50 kapena 100, koma mizere ndi yambirimbiri. Amene amakonda kuchita zimenezi ndi maswichi ochepetsera kuwala kwa magetsi ndi machaja osalongosoka, chifukwa amadula magetsi mwadzidzidzi, ndipo kudula kwadzidzidzi kumabala mizere yambiri ya pamwamba. Kuti muuone utali wake wonse, kwezani `Max Frequency` kufika pa 8000.

Pali "dzzz" wina amene si wa magetsi a m'nyumba. Foni ya m'manja ikamalumikizana pa netiweki ya GSM ili pafupi ndi chingwe, imasiya makwerero a mpata wa 217 Hz, ndipo amabwera moduka, "dididi, dididi", kenako n'kusowa. Mpatawo wokha ndi wokwanira kukuuzani kuti ndi foni.

Samalani kuti musasokoneze izi ndi mawu a munthu, chifukwa nawonso amajambula makwerero. Kusiyana kwake n'kwakuti a munthu amapindika, amakwera ndi kutsika motsatira kalankhulidwe, ndipo amatha munthuyo akatseka pakamwa. A magetsi amadutsa pansi pa mawu n'kutulukira mbali inayo ali chiwongokere. Pa nyimbo m'pamene pamavuta. Kiyibodi ikagwira noti imodzi nthawi yaitali imajambula mzere wowongoka ndithu, ndipo noti ya G ya pansi pa gitala ya besi ili pa 49 Hz, pafupi kwambiri ndi 50. Yang'anani ngati mzerewo ulipo nyimbo isanayambe ndiponso itatha.

Mukamaliza pansi, kwerani pamwamba. Ikani `Max Frequency` pa 20000 kapena kupitirira pang'ono, ndipo musake mizere yowonda imene ili payokha. Mizere ya pa 1000, 2000 ndi 3000 Hz ndendende imasonyeza kaphokoso kochokera ku kompyuta kudzera pa chingwe cha USB. Mzere wa pa 15625 Hz ndi mluzu wa wailesi yakanema yakale ija yachimsana, ndipo kumayiko a 60 Hz umakhala pa 15734. Wa pa 19000 Hz umapezeka m'zinthu zojambulidwa kuchokera pa wailesi ya FM ya sitiriyo. Mizere ya pamwamba chonchi ndi imene chithunzi chimathandizapo kwambiri, chifukwa munthu akamakula makutu amasiya kuimva, pamene omvera achinyamata ikuwabaya m'makutu.

Zimene si mizere yopingasa musazipatse mankhwala a mizere. Mphepo imaoneka ngati mabanga owala opanda dongosolo pansi penipeni. Kugunda ndi kuthetheka kumaoneka ngati timizere toimirira.

Chachinayi: pezani nambala yeniyeni

Maso amakuuzani kuti mzere uli "cha pa 150". Sefa imafuna zoposa pamenepo. Sankhani masekondi opanda mawu aja, pitani pa `Analyze` ndi kutsegula `Plot Spectrum`. Ikani `Size` pa 16384 kapena 32768, ndi `Axis` pa `Log frequency`. Mzere uliwonse wa pa chithunzi chija pano ukuoneka ngati nsonga yotuluka pamwamba pa nkhungu. Mukayendetsa mbewa pafupi ndi nsonga, `Peak` imakuuzani firikwensi yake ndi mphamvu yake mu dB. Lembani zonse papepala, ndipo pa nsonga iliyonse lembaninso kuti yatuluka ndi ma dB angati pamwamba pa nkhungu yoizungulira. Kutuluka kumeneko ndi kumene kumanena ngati mzerewo ndi wofunika kuulabadira.

Njira yabwino yopezera nambala ya pansi molondola ndiyo kuyeza mzere wa pamwamba n'kugawa. Mzere wachisanu ukakhala pa 250, gwero ndi 50. Ukakhala pa 260, gwero ndi 52, ndipo ngati chojambulidwacho chinachokera pa kaseti, mwina tepiyo ikuthamanga kuposa liwiro limene inajambulidwira ndi magawo 4 pa 100 alionse. Pamenepo sefa ya 50 Hz idzaphonya, ndipo muyenera kuganiza kaye zokonza liwiro. Musadalire mzere wa 300 pofuna kusiyanitsa 50 ndi 60, chifukwa umapezeka m'makwerero onse awiri.

Mizere ya pamwamba imaululanso ngati kung'ung'uzako kukuyendayenda. Magetsi sakhala pa 50 ndendende nthawi zonse, ndipo a jenereta amasintha kwambiri katundu akachuluka kapena kuchepa. Gwero likasuntha ndi theka la Hz, mzere wachikhumi umasuntha ndi 5 Hz. Ndiye bwererani ku chithunzi, kulitsani dera la 400 mpaka 600 Hz, muone ngati mzere uli wowongoka kapena ukuyenda mokhotakhota pa mphindi zingapo. Ukakhota, sefa yopapatiza imene imakhala malo amodzi idzaugwira pena n'kuutaya pena.

Chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto

Tiyerekeze kuti muli ndi kucheza kwa mphindi 40 ndi bambo wa mawu a besi, kojambulidwa pa 48000 Hz ndi maikolofoni ya USB pa laputopu imene inali pa chaja. Pa masipika a laputopu zikumveka bwino, koma pa mahedifoni pali kulemera kwina kosadziwika. Mwakonza chithunzi monga tafotokozera, ndipo papepala mwalemba izi: 50 Hz yatuluka ndi 30 dB pamwamba pa nkhungu, 100 Hz ndi 8 dB, 150 Hz ndi 22 dB, 250 Hz ndi 12 dB, 350 Hz ndi 4 dB. Pamwamba pali mzere wowonda pa 1000 Hz wotuluka ndi 15 dB, ndi wina wofooka pa 2000 Hz. Yonse ndi yowongoka kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Pepalali likutiuza kale zambiri. Makwerero ndi aafupi, choncho ndi kung'ung'uza, osati "dzzz". Mizere siyendayenda, choncho sefa zopapatiza zigwira. Ndipo batani lochotsa phokoso lija, `Noise Reduction`, silikufunika pa gawo limeneli, chifukwa vuto lili m'malo asanu ndi awiri owerengeka, osati paliponse.

Mzere wowala kwambiri ndi wa 50, koma si umene omvera adzaumve kwambiri. Khutu ndi logontha ndithu ku mawu ofooka a pansi chonchi, ndipo masipika a foni satha n'komwe kutulutsa 50 Hz. Mizere ya 150, 250 ndi 1000 ndi imene idzamveke, ngakhale ikuoneka yofooka. Munthu amene wangoika `High-Pass Filter`, sefa yochepetsa zonse za pansi pa nambala imene waipatsa, pa 80 Hz n'kunena kuti wamaliza wachotsa chimene chimaoneka, n'kusiya chimene chimamveka. Komanso sefa imeneyo, ikakhala ya 24 dB pa okitevu, kutanthauza yotsitsa 24 dB nthawi iliyonse firikwensi ikatsika ndi theka, imangotsitsa 50 Hz ndi pafupifupi 16 dB, ndiye mwa 30 dB ija patsalabe 14. Kuikweza kupitirira 80 n'kuyamba kudya mawu a bamboyo, chifukwa mawu a amuna amayambira cha pa 85 Hz kufika 180 Hz.

Chida choyenera ndi `Notch Filter`, sefa yodula kampata kopapatiza pa firikwensi imodzi, imene imafuna manambala awiri: `Frequency` ndi `Q`. Kukula kwa mpata umene imadula ndi firikwensi kugawa ndi `Q`. Pa 50 Hz, `Q` ya 10 imadula mpata wa 5 Hz, ndipo pamenepo palibe mawu a munthu oti awonongeke. Koma `Q` yomweyo pa 1000 Hz imadula 100 Hz yathunthu pakati penipeni pa mawu. Choncho `Q` iyenera kukwera limodzi ndi firikwensi. Kuti mpata ukhalebe 5 Hz, pa 150 ikani 30 ndipo pa 250 ikani 50. Pa 1000 Hz, `Q` ya 100 imadula 10 Hz, ndipo ndi yokwanira mzere umene sukusuntha.

Musatengeke n'kukweza `Q` mopitirira muyezo poganiza kuti kupapatiza kulibe vuto. Sefa yopapatiza kwambiri imalira yokha: mawu akagunda mwamphamvu pa firikwensi yake, imasiya kamchira ka "ting" kamene kamazirala pang'onopang'ono. Pa chithunzi kamaoneka ngati kamzere kowala kotsalira pambuyo pa liwu, pamalo enieni amene munadula. Mukakaona, tsitsani `Q`.

Yambani ndi 150, chifukwa ndi umene uli pakati pa mawu a bamboyo ndipo ngati chinthu chingawonongeke, chiwonongeka pamenepo. Dulani, mvetserani chiganizo chimodzi pa mahedifoni, bwezani ndi `Undo`, mvetseraninso. Mawu akamveka chimodzimodzi koma kulemera kuja kwachepa, pitirizani ndi 50, 250 ndi 1000, mmodzimmodzi, mukuyang'ana chithunzi nthawi iliyonse. Mzere wowala usanduke kanjira kakuda kowonda. Ngati pambali pa kanjirako pakuwalabe, ndiye kuti mwaphonya nambala kapena mpata wachepa.

Nanga 100, 350 ndi 2000? Ine 350 ndingausiye, 4 dB pamwamba pa nkhungu palibe adzaumve. Enawo ndingawamvetsere kaye pamalo opanda mawu, voliyumu ili pamene munthu wamba angamvetserere, osati itakwezedwa mpaka kumapeto. Kumbukirani kuti munakweza `Gain` dala kuti muone zobisika, choncho chithunzi chikukokomeza. Chinthu chimodzi chokha chingasinthe chiganizochi: ngati pambuyo pake mudzakweza mawu onse kwambiri kapena kuwapanikiza ndi kompuresa, chida chochepetsa kusiyana kwa mawu okweza ndi ofooka, malo opanda mawu adzakwera nawo, ndipo mizere yofookayo ikhoza kutulukira. Zikatero yesani kukwezako kaye pa kachidutswa, mumve, kenako musankhe.

Mizere ikachoka, chotsala ndi nkhungu ya "shiii". Ngati ikusokoneza, ino ndiye nthawi ya `Noise Reduction`, ndipo chitsanzo cha phokoso cha `Get Noise Profile` muchitenge panopa, mutadula kale mizere. Yambani ndi 6 dB. Sankhani `Residue` kuti mumve zimene zikuchotsedwa, ndipo mukamva mawu a bamboyo momveka m'menemo, mwapyola.

Chithunzi chikaonetsa zina

Pepala lanu likanakhala ndi mizere 60 yokwera mpaka 3000 Hz, njira ya mmodzimmodziyi sikanathandiza. Kuboola mawu malo 60 kumawasiya opanda thupi ndiponso olira ngati chitsulo. Pamenepo dulani mizere itatu kapena inayi yamphamvu kwambiri, yotsalayo muichepetse pang'ono ndi `Noise Reduction`, ndipo muvomereze kuti kaphokoso kena katsala. Mizere ikakhala yokhotakhota, mufunika chida chochotsa kung'ung'uza chimene chimatsatira firikwensi ikamasuntha, kapena mugawe chojambulidwacho m'zigawo zifupizifupi n'kuyeza chilichonse pachokha. Phokoso la foni la 217 Hz, poti limabwera kwa masekondi ochepa, likonzeni pamalo pomwe lachitikira, osaika sefa pa fayilo yonse. Mluzu wa 15625 Hz ndiye wosavuta kuposa yonse, chifukwa `Notch Filter` imodzi pamwamba chonchi siikhudza mawu olankhula mpang'ono pomwe.

Ngati mudzajambulanso ndi zipangizo zomwezo, chithunzi chomwechi chingakuthandizeni kupeza gwero. Jambulani masekondi 10 muli chete, zulani chaja, jambulaninso masekondi 10, zimitsani magetsi a m'chipinda, sunthani chingwe cha maikolofoni kutali ndi zingwe za magetsi, chinthu chimodzi nthawi imodzi, mukunena mokweza chimene mwasintha kuti chijambulike. Mukatsegula fayiloyo pa zenera la 16384, mudzaona sekondi yeniyeni imene mzere uliwonse unazimira, ndipo mawu anu omwe adzakuuzani chimene munali mutangochotsa.